Kugawa ntchito yaikulu m'mapempho ang'onoang'ono kwa modelo: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu omwe ayamba kumanga mapulogalamu ogwiritsa ntchito mamodelo a chinenero, omwe ndi mapulogalamu a AI olandira mawu n'kuyankha ndi mawu. Chitsanzo chimodzi, cha zolemba za msonkhano, ndicho tiyenda nacho kuyambira funso 4 mpaka kumapeto.

1. Kodi kulumikiza mapulomputi n'kutani kwenikweni?

Ndi njira yogawira ntchito imodzi yaikulu m'masitepe angapo, sitepe iliyonse n'kukhala pempho lakelake kwa modelo. Pulomputi ndi mawu amene mumalembera modelo m'pempholo. Zomwe zatuluka pa pempho loyamba zimalowa m'pempho lachiwiri, zachiwiri zimalowa m'lachitatu, mpaka ntchito itatha. Pakati pa masitepewo mumaika chipata, kutanthauza kapulogalamu kounika ngati zomwe modelo yabweza zili zoyenera kupitirira. Zikapanda kuyenera, chipata sichitseguka. Mukamafufuza pa intaneti, mawu oti mulembe ndi `prompt chaining`.

Dongosolo la masitepe mumalikonza ndinu, pempho loyamba lisanatumizidwe n'komwe. Modelo sisankha chochita kenako. Imangopatsidwa kantchito kamodzi, kuyankha, n'kuthera pomwepo. Pempho lachiwiri silikumbukira chilichonse cha loyamba, kupatula chimene inuyo mwalipatsira.

2. Bwanji osangolemba pulomputi imodzi yaitali yonena zonse?

Nthawi zambiri pulomputi imodzi imakwanira, ndipo muziyamba ndi imeneyo. Vuto limayamba pamene mwaunjika ntchito zosiyana mtundu pamalo amodzi: werenga chikalata, tola mfundo, werengera masiku, lemba kalata yaulemu, usapitirire mawu 200. Modelo imachita zina bwino, zina n'kuzilumpha, ndipo popeza mumangoona kalata yomaliza, simudziwa pamene yaphonya. Choipa kwambiri n'chakuti kalata yolakwika imawerengeka mokoma mofanana ndi yolondola.

Mukagawa ntchito, zotsatira za pakati zimaonekera poyera. Mndandanda wa mfundo zomwe modelo yatola mungauwerenge, kuusunga, komanso kuuyesa ndi pulogalamu kalata isanalembedwe. Ofufuza atatu, Tongshuang Wu, Michael Terry ndi Carrie Cai, analemba za njirayi mu pepala lawo la `AI Chains` lomwe linaperekedwa ku msonkhano wa CHI mu 2022, ndipo chimene anatsindika ndi chomwechi: munthu amatha kuona ndi kukonza gawo limodzi popanda kugwetsa ntchito yonse.

Maganizo anga ndi akuti phindu lalikulu la njirayi lili pa zipata, osati pa kugawako. Masitepe asanu opanda chipata ndi mipata isanu yolakwitsira, basi.

3. Kodi si chimodzimodzi ndi kuuza modelo kuti iganize pang'onopang'ono? Nanga ejenti?

Ayi. Kuuza modelo kuti ilembe maganizo ake isanayankhe, njira yotchedwa `chain-of-thought` yomwe Jason Wei ndi anzake anaifotokoza mu 2022, kumachitika mkati mwa pempho limodzi. Simungaimitse modelo pakati kuti muunike, ndipo ikalakwitsa mzere wachitatu kawirikawiri imamangirira pa cholakwacho mpaka kumapeto. Njira ziwirizi sizitsutsana: sitepe imodzi yovuta ingathe kugwiritsa ntchito kuganiza kotereku.

Ejenti ndiye imasankha yokha sitepe yotsatira, zida zoti igwiritse ntchito, komanso nthawi yosiyira. Imayenera pamene simukudziwiratu masitepe ofunika. Ngati mungathe kulemba masitepewo papepala lero, ndipo mawa adzakhala omwewo, mulumikize mapulomputi. Kampani ya Anthropic, m'nkhani yake ya mu Disembala 2024 yonena za kumanga maejenti, inaika njirayi m'gulu la ntchito zoyenda mu msewu wokonzedweratu, mosiyana ndi maejenti enieni.

4. Tationetsani chitsanzo chenicheni.

Tiyerekeze kuti muli ndi zolemba za msonkhano wa ola limodzi, mawu onse monga momwe anayankhulidwira. Msonkhanowo unachitika Lachiwiri pa 4 Malichi 2025. Mukufuna kalata yopita kwa onse amene analipo, yonena zomwe anagwirizana, amene achite chilichonse, ndi tsiku lomaliza.

Sitepe yoyamba ndi yotola. Modelo imapatsidwa zolemba zonse ndi mndandanda wa opezekapo, ndipo imauzidwa kuti isalembe kalata, isafupikitse, ingotola ntchito zomwe zapatsidwa kwa munthu. Yankho libwere mu JSON, mfundo iliyonse motere:

```json
{
  "id": 3,
  "ntchito": "Kutumiza lipoti la ndalama",
  "mwini": "msungichuma",
  "tsiku_monga_linanenedwa": "Lachisanu lino",
  "mawu_ake": "lipotilo nditumiza Lachisanu lino"
}
```

Onani bwino `mawu_ake`. Apa modelo ikukakamizidwa kukopera ndendende mawu ochokera m'zolemba omwe akuikira umboni mfundoyo. Kalata yomaliza sidzawagwiritsa ntchito mawuwa. Alipo chifukwa cha chipata choyamba, monga tikufotokozera pa funso 5.

Sitepe yachiwiri ndi ya masiku. Anthu pamsonkhano sanena kuti 7 Malichi. Amati "Lachisanu lino", "mwezi usanathe", "tikamadzakumananso". Modelo imapatsidwa tsiku la msonkhano ndi mawu amenewa okha, n'kubweza tsiku lolembedwa ngati `2025-03-07`, kapena `null` ngati mawuwo satchula tsiku lenileni. "Tikamadzakumananso" ayenera kubwera `null`, osati tsiku longopeka. Chipata chachiwiri chimaunika zinthu zomwe kompyuta siphonya: kodi tsikulo lilipo pa kalendala, kodi likubwera pambuyo pa msonkhano, ndipo ngati ananena Lachisanu, kodi 7 Malichi 2025 ndi Lachisanudi? Ndi Lachisanu. Modelo ikanabweza `2025-03-08`, chipata chikanakana, chifukwa limenelo ndi Loweruka.

Sitepe yachitatu ndi yolemba kalata, kuchokera pa mndandanda wodutsa pazipata ziwirizo. Chipata chachitatu chimaona ngati mwini aliyense ndi tsiku lililonse za pa mndandanda zapezeka m'kalata, komanso ngati m'kalatamo mulibe tsiku kapena nambala yomwe pa mndandanda palibe. Ikatha apo, munthu amaiwerenga asanaitumize.

5. Chipata chimaunika chiyani, ndipo chimalembedwa bwanji?

Pali kuunika maonekedwe ndi kuunika zam'kati. Kwa maonekedwe n'kosavuta: kodi yankho ndi JSON yowerengeka, kodi magawo onse alipo, kodi `id` ndi nambala? Mamodelo nthawi zina amayamba ndi mawu oyamba aulemu JSON isanabwere, kapena yankho limadukira pakati chifukwa lafika malire omwe munaika a matokeni, tizidutswa ta mawu tomwe amayezera kutalika kwa pempho ndi yankho. Zolakwa ziwirizi zimagwidwa pongoyesa `json.loads`. Makampani angapo amaperekanso njira youmiriza yankho kutsata JSON Schema, ndipo ikakhalapo igwiritseni ntchito. Komatu yankho likhoza kukhala ndi maonekedwe abwino kwinaku likunama.

N'chifukwa chake kuunika zam'kati ndiko kofunika kuganizirapo nthawi yaitali. Nachi chipata choyamba cha chitsanzo chathu:

```python
def chipata_1(mfundo, zolemba, opezekapo):
    zolakwa = []
    for m in mfundo:
        if m["mawu_ake"] not in zolemba:
            zolakwa.append((m["id"], "mawu awa mulibe"))
        if m["mwini"] not in opezekapo:
            zolakwa.append((m["id"], "munthuyu sanalipo"))
    return zolakwa
```

Mizere yochepayi imagwira bodza limene limavuta kwambiri kuligwira ndi maso. Tinene kuti pamsonkhano wina anati, "mwina mlembi angationere nkhani ya holo", koma mlembiyo sanavomere, nkhani n'kupita kwina. Modelo yofuna kuthandiza ingalembe kuti mlembi walonjeza kupeza holo, n'kupeka mawu oti "ndipeza holo". Mawu amenewo m'zolemba mulibe, choncho chipata chikana.

Chenjezo limodzi: kufananiza kwa `in` n'kouma mtima. Mpata umodzi wowonjezera, chilembo chachikulu, kapena mzere wodukira pakati, zimakanitsa mawu olondola. Musanafananize, sandutsani mbali zonse ziwiri kukhala zilembo zazing'ono ndipo mipata yambiri ikhale umodzi. Mukapanda kutero mudzaona chipata chikukana mfundo zabwinobwino, mudzakhumudwa nacho n'kuchichotsa, pomwe vuto silinali chipatacho.

Luso lonse lili pa kupanga sitepe mwa njira yoti yankho lake lithe kuyesedwa. Mukanangopempha "tola mfundo" popanda `mawu_ake`, pakanakhala palibe choti pulogalamu iyese.

6. Chipata chikakana, ndichite chiyani?

Tumizaninso pempho, koma osati lomwe lija basi. Phatikizanipo yankho lolakwikalo ndi chifukwa chomwe chipata chapereka: "Mfundo 5: mawu awa mulibe m'zolemba. Kopera mawu enieni, kapena chotsa mfundoyi." Mbali yomalizayo, yolola kuchotsa, musaiiwale. Modelo imene yangouzidwa kuti ikonze imasakasaka mawu ena alionse oyandikira kuti mfundo yabodzayo ipulumuke.

Ikani malire a kubwereza, kawiri kapena katatu. Zikakanikabe, imitsani ntchito yonse n'kuipereka kwa munthu, pamodzi ndi zifukwa. Chimene simuyenera kuchita ndi kulola zolakwikazo zidutse mwakachetechete poti pulogalamu isaime. Sitepe yotsatira imakhulupirira chilichonse chimene yalandira, ndipo idzalemba bodzalo m'chiganizo chokongola.

Mukaona kuti sitepe ina ikubwerezedwa pafupifupi nthawi zonse, kubwereza si mankhwala. Pulomputi yake ndi yosamveka, kapena ntchito yake ikadali yaikulu.

7. Kodi modelo ingakhale chipata cha modelo inzake?

Ingathe, ndipo pali zinthu zomwe pulogalamu wamba singayese, monga ngati kalata ili yaulemu kapena ngati mawu okoperedwa akuikiradi umboni mfundo. Taonani mpata womwe chipata cha pa funso 5 chasiya: modelo ingakopere molondola mawu oti "mwina mlembi angationere nkhani ya holo" n'kuwaika ngati umboni woti mlembi walonjeza. Mawuwo alipodi m'zolemba, chipata chitseguka, koma mfundo ndi yabodza. Apa m'pamene pempho lina lounika limathandiza.

Lifunseni funso lopapatiza, loyankhika ndi inde kapena ayi: "M'ndime iyi, kodi munthuyu wavomera ntchitoyi?" Lipatseni mizere ingapo yozungulira mawuwo, ndipo likhale pempho latsopano lomwe silinaone maganizo a sitepe yoyamba. Funso lotakata ngati "kodi izi zili bwino?" limangobweretsa inde. Dziwaninso kuti modelo imodzimodziyo ikhoza kupusitsidwa kawiri ndi chiganizo chomwecho, motero kuvomereza kwake si umboni wathunthu. Chilichonse chimene pulogalamu wamba ingayese, monga masiku, manambala ndi mayina, chisiyireni pulogalamu.

8. Ndidule pati, ndipo masitepe akhale angati?

Dulani pamene mtundu wa ntchito ukusintha, monga kuchoka pa kutola kupita pa kulemba, ndiponso pamene pali chinthu choyeseka. Ngati simungathe kunena chomwe chipata chidzaunike pakati pa masitepe awiri, mwina masitepewo ndi amodzi.

Kuchulukitsa masitepe kuli ndi mtengo wake, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tingoyerekeza kuti sitepe iliyonse imalondola ka 95 pa 100 alionse, ndipo kulakwa kwa ina sikudalira inzake. Masitepe asanu opanda chipata adzalondola onse pamodzi pa mlingo uwu:

```
0.95 ** 5 = 0.77
```

Ndiye kuti pafupifupi ntchito imodzi mwa zinayi zilizonse ituluka ndi cholakwa penapake. Tsopano tiyerekeze kuti chipata chilichonse chimagwira zolakwa zonse ndipo mumabwereza kamodzi. Sitepe imalephera pokhapokha italakwa kawiri motsatizana:

```
1 - 0.05 * 0.05 = 0.9975
0.9975 ** 5 = 0.988
```

Manambalawa ndi ongoyerekezera. Zoona zake, chipata sichigwira zonse, ndipo modelo imakonda kubwereza cholakwa chomwecho. Koma akuonetsa kumene kusiyana kukuchokera: masitepe ndi asanu mbali zonse, chasintha ndi zipata.

Funsaninso ngati sitepe ikufunikadi modelo. Kusanja mfundo motsatira tsiku, kuwonkhetsa manambala, kuchotsa zofanana ndendende, zonsezi ndi ntchito ya mizere iwiri ya pulogalamu.

9. Kodi sitepe yotsatira ndiipatse zonse zomwe zapita?

Ipatseni zomwe ikufunika, osapitirira. M'chitsanzo chathu, sitepe yolemba kalata siona zolemba za msonkhano. Izi ndi dala. Ikanaziona, ikanatha kutolamo nkhani ya holo ija yomwe zipata zinaikana, n'kuibwezera m'kalata pakhomo lakuseri.

Koma kumana kumaposanso muyeso. Sitepe ya masiku ikapanda kupatsidwa tsiku la msonkhano, "Lachisanu lino" alibe tanthauzo, ndipo modelo singadandaule, ingopeka tsiku. Sitepe ya kalata ikapanda kuuzidwa amene akulemba ndi amene akulandira, kalata imatuluka yosadziwika mwini. Njira yabwino yoyesera ndi kuwerenga pulomputi ya sitepeyo yokha, ngati munthu amene sanamvepo za ntchitoyi, n'kudzifunsa ngati mukanatha kuigwira ndi zomwe zalembedwazo.

Mawu ochokera kunja, monga zolemba za msonkhano kapena yankho la sitepe yapita, atsekereni m'zizindikiro zoonekera, monga `<zolemba>` ndi `</zolemba>`, kuti modelo isiyanitse malangizo anu ndi zinthu zoti igwirepo ntchito. Izi zimachepetsa, ngakhale sizithetseratu, vuto loti chiganizo cha m'chikalata chitengedwe ngati lamulo.

10. Kodi sizichedwa komanso kudya ndalama zambiri?

Kuchedwa kulipo ndithu, chifukwa pempho lililonse limadikira linzake, ndipo kubwereza kumawonjezera. Pa ntchito yoti munthu akudikira yankho pa sikirini, zimenezi zimamveka. Zigawo zosadalirana, monga kuunika mfundo iliyonse payokha pa funso 7, zingatumizidwe nthawi imodzi.

Pa ndalama zimatengera kapangidwe. Malipiro amawerengedwa pa matokeni olowa ndi otuluka, choncho chodula ndi kutumiza chikalata chachitali mobwerezabwereza. M'chitsanzo chathu zolemba zonse zimatumizidwa pa sitepe yoyamba yokha. Enawo amalandira kamndandanda kakafupi. Ndiponso masitepe opepuka, monga a masiku, angapatsidwe modelo yaing'ono yotchipa, yamphamvuyo n'kusungira kutola.

11. Kalata yatuluka yolakwika. Ndidziwa bwanji sitepe yomwe yalakwa?

Mudziwa pokhapokha ngati munasunga zonse: pulomputi yeniyeni yomwe inatumizidwa pa sitepe iliyonse, yankho lisanakonzedwe, chigamulo cha chipata, ndi dzina la modelo. Popanda zimenezi mungoyendera mphekesera, chifukwa kutumizanso pempho lomwelo sikutsimikizira yankho lomwelo, ngakhale `temperature`, nambala yolamulira kusinthasintha kwa mayankho, ili pa 0.

Yambani kumapeto kubwerera m'mbuyo. Tinene kuti kalata ikuti wapampando ndiye atumize lipoti la ndalama, pomwe anali msungichuma. Tsegulani mndandanda womwe sitepe yachitatu inalandira. Ngati pamenepo palembedwa msungichuma, wolakwa ndi wolemba kalata, ndipo chipata chachitatu n'chofooka: chinangoona kuti mayina onse awiri akupezeka m'kalata, osaona kuti dzina lililonse lili pa ntchito yake. Mungachilimbitse pouza modelo kuti ntchito iliyonse ikhale pa mzere wake, chipata n'kumayesa mzere ndi mzere. Ngati pa mndandanda palembedwa kale wapampando, bwererani ku sitepe yoyamba muwerenge `mawu_ake`. Mwina mupeza kuti zolembazo sizinasonyeze bwino amene ankayankhula, ndipo vuto silili mwa modelo n'komwe.

Chilichonse chimene chalakwika chotere, chisungeni pamodzi ndi yankho lolondola. Pakapita nthawi mumakhala ndi mulu wa zitsanzo zoyesera, ndipo mukasintha pulomputi ya sitepe imodzi mumaiyesa pa mulu wonsewo. Izi n'zofunika chifukwa kusintha kwakung'ono pa sitepe yoyamba, ngakhale dzina la gawo limodzi la JSON, kumatha kuthyola sitepe yachitatu.

12. Kodi ndikufunika LangChain kapena chida china chapadera?

Ayi. LangChain, yomwe Harrison Chase anaitulutsa mu 2022, ndi zina zonga iyo zimathandiza pa kusunga mbiri ya mapempho ndi kusintha mamodelo mosavuta. Koma masitepe atatu ndi mafankishoni atatu, `if` pakati pawo, ndi `for` yobwerezera. Yambani choncho kuti muziona mawu enieni omwe akupita kwa modelo. Chida chikabisa pulomputi, zomwe tafotokoza pa funso 11 zimavuta.

13. Ndi cholakwa chiti chimene zipata zimalephera kugwira?

Chosiyidwa. Zipata zonse zomwe taona zimayambira pa zimene sitepe yoyamba yatola; palibe choyesa zimene sinatole. Ngati pamsonkhano panali ntchito 9 ndipo sitepe yoyamba yatola 7, zonse 7 zidzadutsa bwinobwino, kalata idzakhala yoona m'mawu alionse, ndipo ntchito ziwiri zidzasowa popanda chizindikiro. Vutoli limakula ndi kutalika kwa chikalata. Kafukufuku wa Nelson Liu ndi anzake wa mu 2023 anapeza kuti mamodelo omwe anawayesa ankagwiritsa ntchito bwino mfundo za koyambirira ndi kumapeto kwa mawu aatali kusiyana ndi za pakati.

Pali njira zochepetsera. Dulani zolemba m'zidutswa zolowerana pang'ono m'mphepete, kuti lonjezo lodukira pakati lisatayike, ndipo tolani pa chidutswa chilichonse pachokha. Mukatero mufunika kuchotsa mfundo zobwera kawiri, ndi kusamala ndi chinthu chimene anagwirizana koyambirira n'kuchisintha kumapeto: chidutswa choyamba chidzati Lachisanu, chomaliza chidzati sabata yamawa, ndipo sitepe yophatikiza iyenera kuuzidwa kuti chomalizacho ndicho chigwire ntchito. Mungalembenso chipata chotembenuza, chofufuza m'zolemba mawu olonjeza ngati "nditumiza", "ndichita", "pofika", n'kuonetsa mizere yomwe ili ndi mawuwa koma sinalowe mu `mawu_ake` alionse. Chipatachi chidzakuwa pachabe kangapo, motero chisaimitse ntchito. Mizereyo ingoikidwa pansi pa kalata kuti munthu wowerenga komaliza aiyang'ane. Munthuyo akhale amene analipo pamsonkhano, chifukwa ndi yekhayo angazindikire kuti nkhani ina yomwe inakambidwa m'kalatamo mulibe.